Kukula kwa bafa ndi kuchedwa kwa mawu pojambula nyimbo pa kompyuta: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene agula intafesi, kabokosi kolumikizira maikolofoni, gitala ndi mahedifoni ku kompyuta, ndipo apeza kuti woyimba akudzimva mochedwa kapena kuti mawu akuthetheka. Mayankho ake akutsata nkhani imodzi, yoti nthawi imene mumapatsa kompyuta kuti igwire ntchito yake ndi nthawi yomweyo imene woyimba amadikira kuti adzimve.

Kodi bafa ndi chiyani kwenikweni?

Woyimba akatulutsa mawu pa maikolofoni, intafesi imayeza mphamvu ya mawuwo kambirimbiri pa sekondi iliyonse n'kusandutsa muyezo uliwonse kukhala nambala. Nambala imodzi yotereyi imatchedwa sampulo. Pulojekiti ikakhala pa 48 kHz, ndiye kuti masampulo 48,000 akupangidwa pa sekondi imodzi, ndipo pa 44.1 kHz amakhala 44,100.

Kompyuta silandira masampulowa limodzilimodzi. Intafesi imayamba yawasonkhanitsa m'gulu, ndipo gululo likakwana m'pamene limaperekedwa ku pulogalamu yojambulira. Malo osonkhanitsirawo ndiwo bafa, ndipo nambala imene mumasankha pamene palembedwa `Buffer Size`, monga 64, 128, 256, 512 kapena 1024, ndi chiwerengero cha masampulo amene ayenera kukwana gululo lisananyamuke.

Aliyense amene anakhalapo m'minibasi pa depoti kudikira kuti idzaze akudziwa kale mmene zimenezi zimakhalira. Amene wakwera koyamba sanyamuka mpaka mpando womaliza utapeza mwini wake, ndipo basi ikakhala yaikulu amadikira nthawi yaitali koposa. Kabaza amanyamuka msanga chifukwa amatenga munthu mmodzi, koma kuti asamutse anthu onse a pa depotiyo ayenera kuyenda maulendo ochuluka kwambiri. Bafa yaing'ono ndi kabaza, bafa yaikulu ndi basi. Fanizoli limaperewera pamalo amodzi: okwera a pa depoti amabwera mwa apo ndi apo, pamene masampulo amafika pa liwiro limodzi losasintha, moti nthawi yodikira ingathe kuwerengedwa ndendende.

Ndingawerenge bwanji kuchedwa kumene bafa imabweretsa?

Gawani kukula kwa bafa ndi chiwerengero cha masampulo a pa sekondi, kenako chulukitsani ndi 1,000 kuti yankho likhale m'mamilisekondi. Milisekondi imodzi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, ndipo pa sikirini imalembedwa `ms`.

```
ms = (buffer size / sample rate) x 1000
256 / 48000 x 1000 = 5.33 ms
```

Pa 48 kHz, bafa ya 64 imatenga mamilisekondi 1.33 kuti idzaze, ya 128 imatenga 2.67, ya 512 imatenga 10.67, ndipo ya 1024 imatenga 21.33. Pa 44.1 kHz nambalazi zimakwera pang'ono, moti bafa ya 256 imatenga mamilisekondi 5.8.

Kuti nambalazi zikhale ndi tanthauzo, ndi bwino kuzisandutsa mtunda. Mawu amayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa milisekondi imodzi. Woyimba gitala amene waima mamita atatu kuchokera pa sipika yake amamva chingwe chimene wakhudza patapita mamilisekondi pafupifupi 9, ndipo sadandaula konse. Kuchedwa kwa mamilisekondi 30 n'chimodzimodzi kuima mamita khumi kuchokera pa sipikayo, ndipo apa dzanja limayamba kusemphana ndi khutu.

Ndasankha 128, ndipo masamu akuti mamilisekondi 2.67. N'chifukwa chiyani pulogalamu ikuonetsa pafupifupi 9?

Chifukwa masamu aja akuwerenga bafa imodzi yokha, pamene mawu a woyimba amayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Polowa m'kompyuta amadikira mu bafa yolowera, ndipo pulogalamu ikamaliza nawo amadikiranso mu bafa yotulukira asanafike ku mahedifoni. Apa pokha 2.67 uja wasanduka 5.33.

Pamwamba pake pali zina ziwiri zimene simungazisinthe ndi nambala ya bafa. Choyamba ndi tizipangizo ta mu intafesi timene timasandutsa mawu kukhala manambala, ndi manambala kukhalanso mawu. Timeneti timadya kanthawi kochepa, kawirikawiri kosakwana kapena kongofika milisekondi imodzi mbali iliyonse. Chachiwiri ndi bafa ina yobisika imene opanga dirayiva amaika podziteteza kuti mawu asaduke pamene akudutsa pa chingwe cha USB. Dirayiva ndi kapulogalamu kamene kamachititsa kuti kompyuta ndi intafesi zimvane. Bafa yobisikayi imasiyana kukula malinga ndi kampani, ndipo ndiyo imachititsa kuti maintafesi awiri oikidwa onse pa 128 asachedwe mofanana. Ena mwa opanga amalola kuti muichepetse kapena muizimitse pamalo olembedwa `Safe Mode` kapena mawu ena ofanana nawo.

Choncho nambala yoyenera kuiyang'ana si ya bafa yokha ayi, koma ya ulendo wonse. Ableton Live imaionetsa pamene palembedwa `Overall Latency`, Cubase imaonetsa `Input Latency` ndi `Output Latency` payokhapayokha kuti muphatikize nokha, ndipo REAPER imalemba nambala ziwirizi pakona ya kumanja kumwamba kwa zenera lake.

Woyimba kiyibodi ya MIDI amene akuliza piyano ya m'kompyuta ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa palibe mawu amene akulowa kudzera mu bafa yolowera. Iye amamva makamaka kuchedwa kwa mbali yotulukira, kuphatikizapo kanthawi kochepa ka uthenga wa MIDI.

Kodi kuchedwa kofika pati kumene woyimba amayamba kukumva?

Palibe nambala imodzi yokwanira aliyense, koma ojambula ambiri amayesetsa kuti ulendo wonse usapitirire mamilisekondi 10. Woyimba ng'oma kapena chida china chogunda amazindikira msanga kuposa woliza zitoliro za pa kiyibodi zimene zimayamba mwapang'onopang'ono. Kuchedwa kukafika cha m'ma 20 kapena 30, pafupifupi aliyense amamva kuti chinachake chikumukoka m'mbuyo, ndipo kukapitirira apo amayamba kumva mawu ake ngati a munthu wina womutsanzira.

Woyimba ndi pakamwa ndiye wovuta kwambiri kumukhutiritsa, ndipo sikuti n'kunyada. Munthu akamayimba amadzimva kudzera m'mafupa a m'mutu mwake nthawi yomweyo, popanda kuchedwa kulikonse. Mawu a m'mahedifoni akafika mochedwa ngakhale ndi mamilisekondi ochepa chabe, amakumana ndi a m'mafupa aja, ndipo mbali zina za mawuwo zimafafanizana pamene zina zikuwonjezerana. Woyimbayo sanena kuti mawu akuchedwa. Amanena kuti akudzimva ngati akuyimbira m'chitini kapena m'paipi, kapena amangovula hedifoni ya khutu limodzi osanena kanthu. Wojambula akaona khutu limodzi lili pamtunda, ayambe wafufuza za kuchedwa asanaganize zoti woyimbayo ndiye akuphonya manoti.

Nanga bwanji osangosankha bafa yaing'ono kwambiri n'kuiwala za vutoli?

Chifukwa nthawi imene bafa imatenga kuti idzaze ndiyonso malire a nthawi imene kompyuta yapatsidwa kuti ikonze gulu lotsatira. Pa bafa ya 64 ndi 48 kHz, pulosesa ili ndi mamilisekondi osakwana 1.33 kuti iwerenge mathiraki onse, idutsitse mawu m'mapulagini onse, timapulogalamu towonjezera timene timakonza kapena kupanga mawu, isakanize, n'kupereka zotsatira. Iyenera kuchita zimenezi maulendo 750 pa sekondi iliyonse osaphonyapo ngakhale kamodzi. Pa bafa ya 1024 maulendowo ndi pafupifupi 47 okha, ndipo ulendo uliwonse uli ndi mamilisekondi 21.

Masampulo oti awerengedwe pa sekondi ndi omwewo, koma ulendo uliwonse uli ndi mtengo wakewake woyambira ndi kutsekera, monga mmene kabaza amatayira kanthawi poimika njinga ndi kukweza munthu. Chinanso n'chakuti bafa yaing'ono sisiya mpata woti kompyuta icheukire kwina. Windows ikatenga milisekondi imodzi kusamalira Wi-Fi, pa bafa ya 1024 palibe amene angadziwe, koma pa bafa ya 64 pafupifupi nthawi yonse yatha.

Gulu likalephera kufika pa nthawi yake, intafesi ilibe choti itulutse, ndipo pamakhala kampata. Khutu limamva kampatako ngati kuthetheka, ngati kuphulika kwa chimanga chokazinga, kapena mawu amadukaduka. FL Studio imawerenga kulephera kotereku m'gawo la `Audio settings`, pamene palembedwa `Underruns`. Nambala imeneyo ikamakwera nyimbo ili mkati, ndiye kuti bafa yachepa poyerekeza ndi katundu amene mwasenzetsa kompyuta.

Kodi bafa yaikulu imatsitsa kapena kukweza ubwino wa mawu?

Ayi. Masampulo ndi omwewo, angonyamulidwa m'magulu osiyana kukula. Mawu ojambulidwa pa 64 ndi ojambulidwa pa 1024 sasiyana kukoma, malinga ngati panalibe kuthetheka. Potulutsa nyimbo yomalizidwa kukhala fayilo ya WAV kapena MP3, pulogalamu sithamangitsana ndi nthawi, choncho pulojekiti imene imathetheka poimvetsera kawirikawiri imatuluka yoyera bwinobwino.

Ndiye ndisankhe nambala iti?

Yankho limadalira ntchito imene mukugwira pa ola limenelo, ndipo kusintha bafa kawiri kapena katatu pa tsiku si chizindikiro cha vuto. Pojambula munthu amene akudzimva kudzera m'kompyuta, yambani ndi 128. Kompyuta ikapirira popanda kuthetheka ndipo woyimba akudandaulabe, tsikirani pa 64. Ikalephera, kwerani pa 256, pamene anthu ambiri oliza gitala ndi kiyibodi amathabe kugwira ntchito. Posakaniza mawu, pamene palibe amene akuyimba, ikani 512 kapena 1024 ndipo kompyuta ipume. Pa nthawi imeneyo kuchedwa kwa mamilisekondi 21 kumangotanthauza kuti nyimbo iyamba kamphindi kosaoneka mutadina batani.

Maganizo anga ndi akuti kulimbirana 32 n'kutaya nthawi kwa anthu ambiri. Kuchoka pa 64 kufika pa 32 kumapulumutsa mamilisekondi 1.33 okha pa ulendo wonse, mtunda wosakwana theka la mita, koma kumadula pakati nthawi imene pulosesa ili nayo. Phindu lenileni lili pochoka pa 512 kufika pa 128, pamene mamilisekondi 16 amachoka nthawi imodzi.

Bafa ili pa 128 koma woyimba akumvabe mawu ochedwa kwambiri. Chalakwika n'chiyani?

Apa nthawi zambiri wolakwa si bafa koma pulagini. Mapulagini ena amafunika kuona mawu akutsogolo asanasankhe chochita ndi mawu apano, ndipo njira yokhayo yochitira zimenezi ndi kuchedwetsa mawuwo. Limita imene ili ndi `Lookahead` imatero, ikwalaiza ikaikidwa pa `Linear Phase` imatero mokulirapo, ndiponso mapulagini ambiri ochotsa phokoso ndi ena okonza manoti a woyimba. Kuti mathiraki asasemphane, pulogalamu imachedwetsa mathiraki ena onse kuti adikire thiraki yochedwetsetsayo. Zimenezi n'zabwino posakaniza, koma pojambula woyimba naye amalowa pamzere wodikirawo.

Tiyerekeze nkhani iyi. Wojambula wamaliza kupanga biti dzulo usiku, ndipo lero kwabwera mayi woti ayimbe kolasi. Pulojekiti ili pa 48 kHz, bafa inatsala pa 512, ndipo pa thiraki yotulukira mawu onse pali ikwalaiza imene ikuonetsa kuti ikuchedwetsa ndi masampulo 2048. Tinene kuti intafesi yake imawonjezera mamilisekondi 4 pa zosandutsa mawu ndi bafa yobisika ija. Mabafa awiri a 512 ndi mamilisekondi 21.3, kuphatikiza 4 ndi 25.3. Masampulo 2048 a ikwalaiza ndi mamilisekondi 42.7. Zonse pamodzi ndi mamilisekondi 68, ngati kuti mayiyo akudzimva pa sipika imene ili mamita 23 kutali. Nyimbo ikakhala pa liwiro la 120 BPM, kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500 ndipo gawo lachinayi la kugundako ndi 125, choncho 68 ndi kupitirira theka la kanoti kameneko. Mayiyo akuyimba mzere woyamba, akuima, akuseka mwamanyazi n'kunena kuti, "Achimwene, muli munthu wina m'mahedifonimu akundiyankha."

Wojambulayo akutsitsa bafa kufika pa 128. Mabafa awiri tsopano ndi 5.3, kuphatikiza 4 ndi 9.3, koma ikwalaiza ija ikadalipo, moti zonse ndi 52. Mayiyo akuti palibe chimene chasintha, ndipo sakunama, chifukwa 52 ndi 68 zonse zili kutsidya kwa malire. Apa m'pamene anthu ambiri amasokera, n'kutsitsabe bafa mpaka 32, kompyuta n'kuyamba kuthetheka, kuchedwa kuli pomwepo. Chofunika ndi kuchotsa ikwalaizayo panjira, ndipo ikachoka kuchedwa kumagwa kufika pa 9.3.

Pali msampha umodzi pochotsapo. M'mapulogalamu angapo kudina `Bypass` kumangoletsa pulagini kusintha mawu koma kuchedwa kwake kumakhalabe, dala, kuti muthe kuyerekeza mawu popanda kudumpha. Muyenera kuizimitsa kotheratu kapena kuichotsa. Mapulogalamu ena ali ndi batani lochitira zimenezi nthawi imodzi: mu Cubase ndi `Constrain Delay Compensation`, mu Logic Pro ndi `Low Latency Monitoring Mode`, ndipo mu Ableton Live muli `Reduced Latency When Monitoring`.

Tinenenso kuti pa 128 biti ija yayamba kuthetheka chifukwa ili ndi zida za m'kompyuta khumi ndi ziwiri. Njira yachidule ndi kutulutsa biti yonse kukhala fayilo imodzi ya WAV, kutsegula pulojekiti yatsopano pa liwiro lomwelo, ndi kujambulira mawu a mayiyo pamenepo. Kuliza fayilo imodzi si ntchito kwa pulosesa, ndipo ngakhale laputopu yakale imapirira pa 128. Amene safuna kuchoka mu pulojekiti yake angagwiritse ntchito `Freeze` pa mathiraki olemera, pamene pulogalamu yake ili nayo.

Kodi batani lolembedwa `Direct Monitor` limathetsa zonsezi?

Kwa woyimba ndi pakamwa, pafupifupi zonse. Batani limeneli limatenga mawu a pa maikolofoni mkati mwa intafesi momwemo n'kuwatumiza ku mahedifoni asanapite ku kompyuta. Sadutsa mu bafa iliyonse. M'maintafesi ena njirayi ndi ya waya weniweni ndipo palibe kuchedwa, mwa ena mawu amadutsa m'kosakanizira ka manambala ka mkati, kamene kamachedwetsa pang'ono kwambiri, cha m'milisekondi imodzi kapena iwiri. Kompyuta imajambulabe monga mwa nthawi zonse, ndipo bafa ingathe kukhala pa 512 kapena 1024 popanda woyimba kudziwa. Pa maintafesi ena si batani koma kopotokola kolembedwa `Input` mbali ina ndi `Playback` kapena `DAW` mbali inayo.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuyatsa batani limeneli n'kuiwala kuzimitsa kumvetsera kwa m'pulogalamu pa thiraki yojambulirayo. Woyimba amalandira mawu ake kawiri, ena pompopompo ndi ena mochedwa. Pa bafa yaikulu amamva ngati anthu awiri, pa bafa yaing'ono amamva mawu opyapyala a m'chitini aja. Mwachitsanzo, mawu ofanana mphamvu akakumana atasiyana ndi mamilisekondi 5, amafafanizana pa 100 Hz, 300 Hz, 500 Hz ndi kupitirira motero, ndipo m'dera limeneli ndimo muli thupi la mawu a munthu. Fayilo yojambulidwa imakhala yabwinobwino, koma woyimbayo wayimba akudzimva molakwika.

Malire a njirayi ndi akuti woyimba amamva mawu ouma, opanda mapulagini. Ambiri amafuna rivebu pang'ono kuti amasuke. Izi zimatheka: siyani mawu ouma adutse pa `Direct Monitor`, ndipo m'pulogalamu yatsani kumvetsera, tumizani thirakiyo ku rivebu yoikidwa pa `100% Wet`, potumizapo pakhale `Pre-Fader`, kenako tsitsani voliyumu ya thirakiyo mpaka pansi. Chimene chikuchedwa tsopano ndi rivebu yokha, ndipo rivebu yobwera mamilisekondi 25 m'mbuyo imangomveka ngati chipinda chachikulu. Woliza gitala ya magetsi amene ampulifaya yake ndi pulagini, ndi woliza kiyibodi ya MIDI, sangathandizike ndi batanili, chifukwa mawu amene akufuna kumva amapangidwa m'kompyuta momwemo. Kwa iwo bafa yaing'ono ndiyo njira yokhayo.

Ngati mawu amachedwa polowa, kodi zojambulidwazo sizikhala kumbuyo kwa biti?

Kawirikawiri ayi. Dirayiva amauza pulogalamu kuchuluka kwa kuchedwa kwa mbali zonse ziwiri, ndipo mukamaliza kujambula pulogalamu imakokera mawuwo chakumayambiriro kwa nyimbo ndi muyezo womwewo kuti akhale pamene woyimba anawayimbira. Vuto limabwera pamene dirayiva sananene zonse, ndipo zimenezi zingayezedwe ndi chingwe chimodzi.

Tsitsani masipika, zimitsani `48V` ndi `Direct Monitor`, ndipo onetsetsani kuti kumvetsera kwa m'pulogalamu n'kozimitsa, chifukwa kupanda kutero mawu azungulira n'kulira mokweza kwambiri. Lumikizani chingwe kuchokera potulukira mawu pa intafesi kupita polowera pake, polowerapo pakhale pa `Line`. Ikani kamawu kakafupi kakuthwa, monga kugunda kumodzi kwa sineya, pa thiraki yoyamba, ndipo kajambuleni pa thiraki yachiwiri kudzera pa chingwecho. Kenako kulitsani chithunzi cha mawu mpaka muone masampulo, n'kuyerekeza poyambira pa awiriwo. Akakhala pamodzi, zonse zili bwino. Ojambulidwawo akakhala kumbuyo ndi masampulo 72, mwachitsanzo, ndiye kuti pa 48 kHz pali mamilisekondi 1.5 amene dirayiva sananene. Mu REAPER nambalayo imalembedwa pa `Input manual offset` m'gawo la `Recording`, mu Cubase pa `Record Shift`, ndipo mu Ableton Live pali `Driver Error Compensation`. Mukalemba, jambulaninso kuti mutsimikize kuti simunakankhire mawu mbali yolakwika.

Kusiyana kwa milisekondi imodzi sikungawononge nyimbo ya munthu mmodzi ndi biti. Kumayamba kuvuta pamene mukutumiza mawu ku chipangizo cha kunja n'kuwabweza kuti asakanikirane ndi oyambawo.

Kodi dirayiva ali ndi gawo lalikulu motani?

Pa Windows, lalikulu kuposa mtengo wa kompyuta. Njira zakale za Windows zotulutsira mawu, zimene zimaoneka ngati `MME` kapena `DirectSound` kapena `Primary Sound Driver`, zimadutsitsa mawu m'magawo ambiri ndipo kuchedwa kwake kumafika mamilisekondi makumi angapo kapena kupitirira 100. Kampani ya Steinberg, imene imapanga Cubase, inakonza njira ya ASIO kuti pulogalamu ilankhule ndi intafesi mwachindunji. Intafesi yanu ikakhala ndi dirayiva wake wa ASIO wochokera kwa amene anaipanga, muikeni ameneyo ndipo mumusankhe m'pulogalamu. ASIO4ALL ndi FL Studio ASIO si madirayiva a intafesi yanu. Ndi zovala zimene zimaveka njira za Windows kuti zioneke ngati ASIO, zothandiza pa laputopu yopanda intafesi, koma si zoyenera kulowa m'malo mwa dirayiva weniweni. Pa Mac, Core Audio imagwira ntchitoyi ndipo maintafesi ambiri safuna dirayiva wapadera.

Mahedifoni a Bluetooth asayandikire pojambulira. Kuchedwa kwawo kawirikawiri kumapitirira mamilisekondi 100, ndipo palibe nambala ya bafa imene ingakuchotse.

Kodi kukwera pa 96 kHz kapena kugula intafesi ya USB 3 kungachepetse kuchedwa?

Pa 96 kHz bafa ya 256 imadzaza m'mamilisekondi 2.67, theka la nthawi ya pa 48 kHz, choncho n'zoona kuti kuchedwa kumatsika. Koma nthawi ya pulosesa nayo yadulidwa pakati, ndipo masampulo oti awerengedwe pa sekondi awirikiza. Mukanangosankha 128 pa 48 kHz mukanapeza 2.67 yemweyo ndi theka la ntchitoyo. Mafayilo nawo amakula: thiraki imodzi ya mabiti 24 imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi pa 48 kHz, ndi 17.3 MB pa 96 kHz.

Za USB 3, kusiyana kwake ndi USB 2.0 kuli pa kuchuluka kwa katundu amene angadutse, osati pa kufulumira kwa gulu limodzi la masampulo. USB 2.0 imanyamula mpaka mamegabiti 480 pa sekondi, pamene njira ziwiri za mawu pa mabiti 24 ndi 48 kHz zimangofuna pafupifupi 2.3. Msewu ndi wotakata kale. Chimene chimasiyanitsa maintafesi ndi luso la amene analemba dirayiva.

`Task Manager` ikuonetsa kuti pulosesa ili pa 30% yokha, koma mawu akuthetheka. Zikutheka bwanji?

Nambala imeneyo ndi ya pakatikati, yowerengera mitima yonse ya pulosesa, tizigawo take timene timagwira ntchito patokhapatokha, pa nthawi yaitali poyerekeza ndi bafa. Mawu a thiraki imodzi amadutsa m'mapulagini ake motsatana, yachiwiri kudikira yoyamba, ndipo mndandanda wotere sungagawidwe bwino pa mitima ingapo. Thiraki imodzi yokhala ndi mapulagini asanu ndi atatu olemera ingathe kudzaza mtima umodzi n'kuphonya nthawi, mitima ina yonse ili chikhalire. Khulupirirani muyezo wa m'pulogalamu yojambulira, umene umayerekeza ntchito ndi nthawi ya bafa.

Kuthetheka kukamabwera mwa apo ndi apo ngakhale pulojekiti ili yopepuka, kawirikawiri ndi dirayiva wa chipangizo china, monga Wi-Fi kapena khadi la zithunzi, amene akugwira pulosesa nthawi yaitali. Kapulogalamu ka LatencyMon kamaonetsa dzina la wolakwayo mukakasiya kakuyenda kwa mphindi zingapo. Yesani kuzimitsa Wi-Fi ndi Bluetooth, lumikizani intafesi pa kompyuta penipeni osati pa kogawira madoko a USB, ndipo sankhani `High performance` kapena `Best performance` pa makonzedwe a mphamvu.

Amene amajambula kumene magetsi amazimazima aonetsetse chinthu china. Laputopu ikachoka pa magetsi n'kuyamba kudya batire, imatsitsa liwiro la pulosesa yokha, ndipo pulojekiti imene inkayenda bwino pa 128 mphindi yapitayo imayamba kuthetheka popanda chimene mwakhudza. Kutentha kumachitanso chimodzimodzi, makamaka m'kachipinda kotsekedwa ndi masiponji mwezi wa Okutobala, laputopu itakhala pa nsalu imene yatseka potulukira mpweya. Zikatero kwezani bafa pa 256 kapena 512, woyimba adzimvere pa `Direct Monitor`, ntchito ipitirire.

Ndingadziwe bwanji ngati kuthetheka kumene ndinamva pojambula kwalowa m'fayilo?

Kwezani bafa pa 1024, zimitsani mapulagini a pa thirakiyo, ndipo mverani malo omwewo katatu, thirakiyo ili yokha. Kuthetheka kukasowa, kapena kukamasuntha malo ulendo uliwonse, ndiye kuti kunali kwa mbali yotulukira ndipo fayilo ili bwino. Kukamabwera pa silabo yomweyo nthawi zonse, masampulo ena anatayika polowa. Mukakulitsa chithunzi cha mawu pamalopo mudzaona mzere wokhotakhota uja utaduka mwadzidzidzi n'kulumpha, ndipo nthawi zina zonse zotsatira zimakhala zitasunthira kutsogolo pang'ono poyerekeza ndi biti. Kamodzi kokha kangathe kudulidwa n'kulumikizidwa ndi kafedi kakafupi, koma kukachuluka n'kwabwino kuyimbanso mzerewo woyimba asanapite.

Musasokoneze zimenezi ndi kusweka kwa mawu kobwera chifukwa chokweza kwambiri `Gain`. Kumeneko kumachitika pa manoti okweza okha, kagetsi ka pa intafesi kamayaka mofiira, ndipo pa chithunzi nsonga za mawu zimaoneka zosadzuka ngati zadulidwa ndi mpeni. Bafa ya kukula kulikonse singakonze zimenezo. Tsitsani `Gain` mpaka mawu okweza kwambiri a woyimbayo azifika cha pa -10 dBFS, ndipo mumupemphe ayimbe kolasi, osati vesi, pamene mukuyeza.